Kalata ya kwa aphunzitsi mwana akajomba chifukwa chosowa yunifolomu

Sabata zoyamba za teremu, mphunzitsi wa ku pulayimale akamaitana mayina m'kaundula pamakhala mayina ena amene sayankhidwa. Akafunsa, ana anzake amayankhira pamodzi kuti, "Akudwala." Koma madzulo ake, mphunzitsiyo popita kumsika amamuona mwana uja ali pamjigo, ndowa ili pamutu, ndipo akangophana maso mwanayo amakhotera kuseri kwa nyumba. Chamukhazika pakhomo si malungo ayi. Dilesi la yunifolomu lathetheka m'khwapa, kapena kabudula wabooka kumbuyo, kapena makope anatha teremu yapita ndipo ndalama yogulira ena palibe.

Makolo ambiri otere amaifuna sukulu. Chimene chimawalemera ndi pakamwa: akayambe bwanji kunena pamaso pa aphunzitsi kuti alephera kugulira mwana kope? Tsiku limapita, sabata imatha, ndipo mwana akamakhalitsa pakhomo m'pamenenso manyazi obwerera amakula. Ena sabwereranso. Komatu mawu onenera nkhani imeneyi alipo, ndi ochepa, ndipo munthu angathe kuwanena mutu uli chilili.

Tisanafike pa mawuwo, ndi bwino kholo lidziwe pamene laima. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale, linachotsa fizi ndipo linanenanso kuti yunifolomu si yokakamiza. Ana anakhamukira kusukulu chaka chimenecho, chiwerengero chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo, ndipo ambiri a iwo anabwera ndi zovala zakunyumba, osavala nsapato. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo lamulo la zamaphunziro la mu 2013 linaonjezera kuti mwana ayenera kupita ku pulayimale. Choncho pa sukulu ya boma ya pulayimale, mwana wopanda yunifolomu sanalakwe, ndipo kholo lake silikupempha chinthu chachilendo likanena kuti mwanayo alowe m'kalasi. N'zoona kuti pali sukulu zimene zimabwezabe ana pageti, kaya chifukwa cha yunifolomu kaya ndalama yachitukuko. Izi zimachitika, ndipo tibwererakonso kutsogoloku. Koma kholo likadziwa kuti mfundo ya boma ili kumbali ya mwana, limalankhula mosanjenjemera.

Bodza la matenda

Njira imene ambiri timathawirako ndi yonena kuti mwana akudwala. Imaoneka yopepuka chifukwa matenda sachititsa manyazi, koma imabala mavuto atatu. Loyamba, mphunzitsi angathe kufunsa buku la kuchipatala, ndipo bodza limathera pomwepo. Lachiwiri, mwana ndiye amasenza bodzalo. Akabwerera ayenera kukumbukira kuti "anadwala" chiyani, anzake amene ankamuona akusewera madzulo amamuseka, ndipo mumtima mwake amaphunzira kuti kusowa ndi chinthu choipa kwambiri moti n'chofunika kuchikwirira ndi bodza. Phunziro limeneli limakhala naye mpaka kukula.

Vuto lachitatu ndilo lalikulu. Sukulu imathandiza mwana amene ikudziwa kuti ndi wosowa. Sukulu za boma za pulayimale zimalandira thumba la ndalama zotukulira sukulu, ndipo mbali ina ya ntchito yake ndi kuthandiza ana amasiye ndi ovutikitsitsa. Ndalamazo n'zochepa, nthawi zina zimachedwa kufika, koma zikafika komiti ya sukulu imakhala pansi n'kulemba mayina. Pa sukulu zambiri palinso gulu la amayi limene limayendera ana ojomba, makamaka atsikana, n'kuwabwezera m'kalasi. Mwana amene m'kaundula walembedwa kuti amadwaladwala salowa pa mndandanda wa osowa makope. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene wanena chosowa chake ndi amene amakumbukiridwa tsiku logawa.

Pali njira ina yosiyana ndi bodza koma yopwetekanso, ndiyo kudzigwetsa pansi. Kholo limalemba tsamba lonse lodzaza ndi madandaulo: "Ine ndine mphawi wotheratu, bambo ake anatithawa, tagona ndi njala masiku atatu, chonde tichitireni chisoni." Zonsezi mwina n'zoona. Koma kalata imakhala pa tebulo la mu ofesi, imawerengedwa ndi anthu angapo, ndipo nthawi zina mwana mwiniyo amaiwerenga panjira. Mphunzitsi akamaliza kuwerenga amamva chisoni ndithu, koma sadziwa chimene akupemphedwa kuchita. Ndipo mbiri ya banja yatuluka popanda phindu. Sukulu ikufunika kudziwa kuti mwana alibe yunifolomu. Za ukwati wa makolo ake si zake.

Enanso, chifukwa cha manyazi omwewo, amabwera ndi ukali: "Kodi yunifolomuyo ndi imene imalemba mayeso?" Funsolo lili ndi nzeru, koma likanenedwa mokalipa pamaso pa ana limatseka khomo, ndipo mwana ndiye amatsala ndi mphunzitsi wokwiyayo chaka chonse.

Kalata yokwanira

Tiyerekeze agogo amene akulera mdzukulu wamkazi wa Sitandade 5. Ndi mwezi wa Januwale, teremu yachiwiri yangoyamba, chimanga chinatha m'nkhokwe, ndipo kandalama ka ganyu kakupita ku ufa. Dilesi la yunifolomu lamuthina mwanayo ndipo lang'ambika poti silingasokekenso. Wajomba Lolemba ndi Lachiwiri. Kalata ya agogowo ingathe kukhala yotere, pamwamba atalemba mudzi ndi tsiku:

"Okondedwa Aphunzitsi a Sitandade 5,

Ndikukupatsani moni. Ine ndine agogo ake a Uje, amene ali m'kalasi mwanu. Mwanayu sanabwere kusukulu Lolemba ndi Lachiwiri chifukwa yunifolomu yake yang'ambika, ndipo pakadali pano sindinapeze ndalama yosoketsera ina. Ndikuyembekeza kumusoketsera tikakolola, teremu yachitatu isanafike pakati. Ndikupempha kuti mumulole aziphunzira atavala zovala zakunyumba zochapa bwino kuyambira mawa Lachitatu. Ndikupemphanso mumuuze ntchito imene anzake alemba masiku awiriwa kuti akopere. Nkhaniyi ikhale pakati pa inu ndi ine.

Zikomo chifukwa cha ntchito imene mukugwira pa mwanayu.

Ine kholo lake,
Uje"

Kalatayi ikukwana theka la tsamba la kope, koma muli zonse zimene mphunzitsi akufuna. Tiyeni tiione pafupi.

Yatchula masiku enieni. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 80 m'kalasi, monga zilili pa sukulu zambiri, sangakumbukire kuti wajomba liti ndani. Akaona "Lolemba ndi Lachiwiri" amatsegula kaundula n'kulemba chifukwa pambali. Zimaonetsanso kuti kunyumba kuli munthu amene akuwerenga masiku a mwanayo.

Chifukwa chanenedwa m'chiganizo chimodzi, ndipo chatchula chinthu chosowacho. Apa m'pamene pagona ulemu wonse. Pali kusiyana pakati pa kunena kuti "ndife osauka" ndi kunena kuti "pakadali pano sindinapeze ndalama yosoketsera yunifolomu". Mawu oyambawo akupereka dzina kwa banja lonse, dzina limene mwana adzayenda nalo mpaka Sitandade 8. Achiwiriwo akunena za chinthu chimodzi ndi nyengo imodzi. Palibe bodza, pakuti ndalamayo palibedi, koma palibenso kudzinyoza. Mawu monga "pakadali pano", "mwezi uno" kapena "mpaka tikolole" amauza wowerenga kuti kholo likuliona vutoli ngati lodutsa ndipo lili nalo maso. Ena amakonda kungolemba kuti "chifukwa cha zovuta zina za pakhomo". Mawuwa ndi aulemu ndithu, ndipo ngabwino kuposa bodza, koma ndi ophimba kwambiri. Mphunzitsi sadziwa ngati ndi maliro, ndewu kapena kope, ndiye sangathandize. Ine ndimati kholo litchule chinthucho.

Kenaka kalata yanena nthawi imene kholo likuyembekeza kukonza vutolo. Apa pafunika kusamala. Musalonjeze kuti "Lolemba likudzali adzabwera ndi yatsopano" pamene mukudziwa kuti ndalama simuiona mpaka Epulo kapena Meyi. Lolembalo likafika mwana adzachita manyazi kawiri, ndipo adzajombanso. Lonjezo likhale lomangirira pa chinthu chenicheni: kukolola, kugulitsa mtedza kapena soya, kugawana ku banki mkhonde, kulandira Mtukula Pakhomo kwa amene ali m'ndondomekoyo, kapena malipiro a kumapeto a mwezi. Ngati simukuona konse kumene ingachokere, nenani zomwezo: "Sindingathe kulonjeza tsiku, choncho ndikupempha kuti dzina lake liperekedwe ku komiti ya sukulu pamene mukuganizira ana ofunika thandizo." Kumeneku si kupemphetsa. Komitiyo ilipo pa ntchito imeneyo.

Pempho lenilenilo ndi loti mwana aloledwe kuphunzira, ndipo latchula tsiku loyambira. Makalata ambiri amafotokoza chifukwa chojombera n'kuthera pomwepo, ngati kuti mwana ayenera kukhala pakhomo mpaka telala atamaliza. Kuyambira Januwale mpaka kukolola ndi teremu yathunthu. Mwana wa Sitandade 5, kalasi imene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, akaphonya miyezi itatu amabwerera atasochera, ndipo kubwereza kalasi kumakhala pafupi. Mawu oti "zochapa bwino" ali ndi ntchito yake: akuyankhiratu nkhawa ya sukulu yoti ana azioneka aukhondo, ndipo akuonetsa kuti kholo likulemekeza malo ophunzirira.

Kupempha ntchito imene anzake alemba ndi kachiganizo kakang'ono koma kamasintha mtima wa mphunzitsi. Amaona kuti akulankhula ndi munthu amene akufuna maphunziro, osati wongofuna kufufuta mlandu. Ndipo chiganizo chomaliza, choti nkhani ikhale pakati pa awiri, n'chololedwa. Kholo lili ndi ufulu wopempha kuti mwana wake asatchulidwe pa asembule.

Onani kuti m'kalatamo mulibe "pepani" wobwerezabwereza. Kupepesa kamodzi chifukwa chochedwa kudziwitsa sukulu n'koyenera: "Pepani kuti sindinakudziwitseni msanga." Koma kupepesa chifukwa chosowa ndalama n'kosafunika, pakuti si mlandu.

Ngati chosowa ndi makope ndi zolembera, mafupa a kalata ndi omwewo, pempho lokha ndi limene limasintha. Kholo lingathe kulemba kuti: "Makope ake atha, ndipo sabata ino ndakwanitsa awiri okha. Ndikupempha kuti mumulole alembe maphunziro angapo m'kope limodzi, kuyambira kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka ndigule ena kumapeto a mwezi." Aphunzitsi ambiri amavomera akauzidwa. Chimene chimawakwiyitsa ndi kupeza Masamu ndi Chichewa zasakanikirana popanda wowafotokozera, n'kuganiza kuti mwana ndi wosasamala. Ikakhala ndalama yachitukuko, nenani zimene mungathe: kulipira pang'onopang'ono, kapena kugwira ntchito m'malo mwake monga kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kulambula pasukulu, zimene makomiti ambiri amalandira. Pomaliza muonjezere kuti, "Ndikupempha kuti nkhani ya ndalamayi mukambe ndi ine, mwana apitirize kuphunzira."

Osalemba, ndi wonyamula uthenga

Si kholo lililonse limene limatha kulemba, ndipo kalata si yokakamiza. Kupita pamaso nthawi zambiri kumaposa pepala. Nthawi yabwino ndi m'mamawa belu lisanalire, kapena ana akaweruka, osati pakati pa phunziro pamene maso onse a kalasi ali pakhomo. Mukafika perekani moni mokwanira monga mwa mwambo wathu, ndipo mupemphe malo: "Aphunzitsi, ndili ndi kankhani kokhudza mwana wanga, tingapatuke pang'ono?" Mukapatuka nenani zinthu zomwe zija: masiku amene wajomba, chimene chasowa, nthawi imene mukuyembekeza kuchipeza, ndi pempho loti abwerere mawa. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi, chifukwa ndiye amasunga kaundula. Iye akaona kuti nkhani ikufunika ahedi, adzakuperekezani.

Ngati mukulembetsa kalata kwa munthu wina, sankhani wosunga chinsinsi, ndipo akamaliza akuwerengereni mokweza musanasaine kapena kudinda chala. Olemba ena amakometsera ndi madandaulo amene inu simunanene, poganiza kuti akukuthandizani. Uthenga wa pafoni nawonso umagwira ntchito ngati muli ndi nambala ya mphunzitsi, koma mudzitchule kuti ndinu ndani, mutchule dzina la mwana ndi kalasi, ndipo muutumize kwa mphunzitsi yekha. Usapite pa gulu la makolo onse.

Chinthu chimodzi chimene ndikuchikana ndi mtima wonse ndi kutuma mwana kuti akanene yekha. "Ukawauze aphunzitsi kuti ndalama kulibe" ndi katundu wolemera kwa mwana wa zaka khumi. Amaima kutsogolo, mawu amakanirira pakhosi, anzake akumvetsera, ndipo ambiri m'malo mwake amathera m'tchire kapena kumsika mpaka nthawi yoweruka. Umphawi wa pakhomo ndi nkhani ya akuluakulu. Ngati mwana ndiye anyamule kalata, ipindidwe bwino, ndipo auzidwe zimene zili m'katimo m'mawu osavuta: "Ndawalembera aphunzitsi kuti akulole kuvala dilesi ili mpaka tisoketse lina. Sunalakwe chilichonse." Mumupatsenso yankho la anzake, chifukwa adzamufunsa ndithu. "Yanga yang'ambika, tisoketsa ina" ndi lokwanira, ndipo ndi loona. Mwana amene ali ndi yankho lokonzeka sagwetsa nkhope.

Kumbali ya aphunzitsi

Ulemu wa kholo umatha msanga ngati wolandira kalata alibe ulemu. Mphunzitsi amene akufunsa pamaso pa kalasi kuti, "Iwe, yunifolomu ili kuti? Kwanu kulibe makolo?" waononga m'kamphindi zimene agogo aja anazikonza usiku wonse. Chimodzimodzi kuimiritsa ana opanda yunifolomu pa asembule, kuwakhazika kumbuyo, kapena kuwapatsa chibalo chokumba dzenje pa mlandu umene si wawo. Yankho labwino ndi lalifupi ngati kalata yomwe: "Ndalandira uthenga wanu. Mwana abwere mawa, ndipo ndimuonetsa zimene anzake alemba." Mwanayo akalowa m'kalasi, mawu oti "Takulandira, khala pamalo pako" ndi okwanira. M'kaundula mungathe kulemba mawu ochepa monga "kholo lafotokoza", ndipo tsatanetsatane apite kwa ahedi ndi komiti basi.

Aphunzitsi nawo angathe kuyamba. Mwana akajomba masiku atatu popanda uthenga, kakalata kopita kunyumba konena kuti "Tamusowa mwana wathu m'kalasi, ngati vuto ndi yunifolomu kapena makope, abwere momwemo tidzakambirana" kamamasula lilime la kholo limene limachita manyazi. Pa sukulu zimene ana amalandira phala, monga za Mary's Meals, pali chifukwa chinanso chofulumirira: mwana amene wakhala pakhomo mu Febuluwale chifukwa cha dilesi waphonya phunziro ndi chakudya chomwe.

Thandizo likapezeka liperekedwenso mwaulemu. Kuitana ana kutsogolo n'kulengeza kuti "awa ndi ovutika athu", kenaka kuwajambula atanyamula makope, kumachititsa ena kukana thandizo chaka chotsatira. Kope lingaperekedwe mu ofesi mwakachetechete.

Akakana

Kalata yabwino simatsegula khomo lililonse. Mwina mwana adzabwezedwabe pageti ndi mphunzitsi wina amene sanaione. Zikatero musamusiye pakhomo, ndipo musapite kukatukwana. Pitani kwa ahedi munene modekha kuti: "Ndinalemba kalata tsiku lakuti, koma mwana wabwezedwa. Ndikudziwa kuti ku pulayimale ya boma yunifolomu si yokakamiza. Ndikupempha thandizo lanu kuti abwerere m'kalasi lero." N'chifukwa chake ndi bwino kulemba tsiku pa kalata ndi kusunga ina yofanana nayo kunyumba. Zikakanika pamenepo, wapampando wa komiti ya sukulu, wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi kapena amfumu angathe kukuperekezani. Pamwamba pa ahedi pali mlangizi wa maphunziro wa zoni, amene ofesi yake imakhala pa malo ophunzitsira aphunzitsi a m'deralo, ndipo kumva madandaulo otere ndi mbali ya ntchito yake.

Malire ake ndi awa. Sukulu zoyendetsedwa ndi anthu paokha zili ndi malamulo awo amene kholo linavomera polembetsa mwana, ndipo ku sekondale yunifolomu amaigwiritsa mwamphamvu. Kumeneko kalata yomweyi imathandizabe, koma imakhala yopempha nthawi, ndipo ndi bwino kufunsa ahedi kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya boma lanu za thandizo la ophunzira osowa.

Ndipo kalata yoposa zonse ndi imene yafika mwana asanajombe. Mukaona Loweruka kuti dilesi silifika Lolemba, kapena kope latsala masamba awiri, lembani Lamulungu madzulo. Lolemba m'mamawa mwana asambe, avale chimene chilipo chochapa, ndipo ngati mungathe mumuperekeze nokha mpaka pakhomo la kalasi.